Mawu 520 M'mphindi Zitatu: Kudula Zolemba Popanda Kupha Mfundo

Pa yunivesite ya Queensland ku Australia anayambitsa mpikisano mu 2008 umene lero wafika m'mayiko ambiri. Wophunzira amene wakhala zaka akuchita kafukufuku amaimirira pamaso pa anthu n'kufotokoza ntchito yake yonse m'mphindi zitatu, ali ndi chithunzi chimodzi chokha kumbuyo kwake. Lamulo lake silinyengerera: wapyola mphindi zitatuzo, watuluka mumpikisano, ngakhale atayankhula zomveka bwanji.

Ogwira ntchito pa wayilesi sangadabwe ndi lamulo limeneli chifukwa amakhala nalo tsiku lililonse. Nkhani za pa ola zimayamba pa ola. Wayilesi ya BBC yakhala ikuliza timabelu tisanu ndi kamodzi todziwitsa kuti ola lakwana kuyambira mu 1924, ndipo muulutsi amene sanamalize chiganizo chake timabeluto timamulirira m'kamwa. Kuno kwathu, pa MBC, pa Zodiak kapena pa wayilesi ya m'dera, pulogalamu ikatha pamabwera malonda amene wina walipira, kenako pulogalamu ya mnzako amene wakhala kale pakhomo la situdiyo ndi mapepala ake. Wolemba amene wabwera ndi zolemba za mphindi zisanu pomwe wapatsidwa zitatu ayenera kudula yekha, apo ayi wotchi imudulira. Wotchi imadula kumapeto, ndipo kumapeto n'kumene kawirikawiri kumakhala chimene munthuyo anabwerera.

Tiyeni titsatire chitsanzo chimodzi mpaka pamapeto. Wolemba wina wapemphedwa kukonza ndemanga ya mphindi zitatu ya pulogalamu ya zaulimi, yonena za kasungidwe ka chimanga. Walemba mawu 520, ndipo ali ndi mawu a mlimi amene anawajambula kumudzi, a masekondi 25.

Ntchito imayamba ndi masamu, cholembera chisanakhudze pepala. Mphindi zitatu ndi masekondi 180, koma si onse amene ali ake. Kanyimbo kotsegulira ndi mawu a muulutsi omulandira zimadya masekondi 15. Kutsekera kumadya 10. Mawu a mlimi aja atenga 25. Wolemba wanzeru amasiyanso masekondi 5 apadera, chifukwa munthu amatha kukhosomola kapena kuphonya mzere. Zonsezi zikachotsedwa, nthawi yowerenga imene yatsala ndi masekondi 125 okha, mphindi ziwiri ndi pang'ono.

Funso lotsatira ndi lakuti m'masekondi 125 mumalowa mawu angati. Apa ambiri amapusitsika ndi mabuku a utolankhani ochokera kunja, amene amaphunzitsa kuti wowerenga nkhani amatchula mawu atatu pa sekondi, kapena 180 pa mphindi. Muyeso umenewu ndi wa Chingerezi. Chichewa chimamata zambiri m'liwu limodzi: "sindidzakuuzaninso" kompyuta imaliwerenga ngati liwu limodzi, koma pakamwa limatenga nthawi yofanana ndi mawu asanu ndi limodzi a Chingerezi onena zomwezo. Amene angatenge muyeso wa 180 n'kulembera pulogalamu ya Chichewa adzafika pakati pa pepala nthawi itatha.

Muyeso wodalirika ndi wa pakamwa pa munthu amene akawerengeyo. Atenge ndime imodzi, aiwerenge mokweza monga achitira pa maikolofoni, akupuma pamene payenera kupuma, wotchi ya pa foni ikuyenda. Kuwerenga chamumtima sikuthandiza, maso amathamanga kuposa lilime. Tinene kuti wolemba wathu wayesa ndipo wapeza kuti amatchula mawu 110 pa mphindi. Ndiye kuti mawu ake 520 amafuna mphindi zinayi ndi masekondi 44, pamene malo alipo ndi a mawu pafupifupi 230. Ayenera kutaya mawu 290, oposa theka la zimene walemba.

Chiwerengero chimenechi n'chothandiza chifukwa chimatseka njira ziwiri zachidule zimene anthu amathamangira. Yoyamba ndi kuwerenga mofulumira. Munthu akhoza kuthamangitsako lilime n'kupulumutsa masekondi ochepa, koma sangapanikize mphindi zinayi ndi theka m'mphindi ziwiri, ndipo womvera wayilesi alibe mwayi wobwerera m'mbuyo monga achitira wowerenga nyuzipepala. Chamudutsa, chapita. Njira yachiwiri ndi kumeta pang'onopang'ono paliponse, liwu apa, mawu awiri apo. Izi zimagwira ntchito ngati zolemba zapitirira ndi masekondi khumi. Zikapitirira ndi theka, kumeta kotere kumasiya ndime zonse zili zowonda, chilichonse chatchulidwa koma palibe chimene chafotokozedwa.

Telala akapatsidwa jekete lalikulu kuti alichepetse sayamba n'kudula nsalu m'mbali zonse. Amayamba wayeza mapewa a mwini wake, chifukwa jekete lonse limalendewera pamenepo. Pa zolemba, mapewawo ndi mfundo yaikulu, ndipo njira yoipezera ndi kutembenuza pepala n'kuinena m'chiganizo chimodzi osayang'ana.

Anthu ambiri akayesa izi amatchula mutu m'malo mwa mfundo. "Kasungidwe ka chimanga" ndi mutu. Palibe amene angautsutse, ndipo pansi pake pakhoza kulowa chilichonse, kuyambira nkhokwe za makolo mpaka mitengo ya feteleza. Mfundo ndi chinthu choti wina akhoza kuyankha kuti ayi. Wolemba wathu atavutika nazo kwa kanthawi akulemba kuti: alimi ambiri amagulitsa chimanga motchipa atangokolola chifukwa choopa anankafumbwe, choncho thumba losalowa mpweya likhoza kuwathandiza kudikira mtengo wabwino. M'chiganizo chimenechi muli zinthu zitatu zomangirirana: vuto, chifukwa chake, ndi chochita. Muli "chifukwa" ndipo muli "choncho". Ngati chiganizo chotere chikukanika kutuluka, vuto la zolembazo si kutalika, ndipo kudula sikungalithetse. Wolembayo sanaganize n'kumaliza.

Tsopano akutembenuzanso pepala, ndipo pambali pa ndime iliyonse akulemba ntchito yake ndi kuchuluka kwa mawu ake. Ndime yoyamba ndi moni ndi malonje, mawu 60. Yachiwiri ndi mbiri, kuchokera pa nkhokwe za nsungwi kufika pa kukhazikitsidwa kwa ADMARC mu 1971, mawu 85. Yachitatu ikunena vuto lenileni, kugulitsa motchipa mu Meyi ndi Juni n'kudzagula modula mu Januwale ndi Febuluwale, mawu 70. Yachinayi ikufotokoza mantha a anankafumbwe, mawu 55. Yachisanu ndi chitsanzo china cha kuboma lina, mawu 65. Yachisanu ndi chimodzi ikulongosola matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja, m'mene tizilombo timafa posowa mpweya popanda kuthira mankhwala, mawu 75. Yachisanu ndi chiwiri ikudandaula za mavenda amene amabera alimi pa sikelo, mawu 60. Yomaliza ndi mathero, mawu 50.

Ndime iliyonse ikufunsidwa funso limodzi: itachoka, kodi chiganizo chija chigwa?

Mbiri ya nkhokwe ndi ADMARC ikuchoka yonse. Ndi yoona, ndi yosangalatsa, mwinanso ndi imene wolembayo anaitayira nthawi yambiri poifufuza, koma womvera akhoza kumvetsa chifukwa chimene mlimi amagulitsira mu Juni popanda kudziwa chimene chinachitika mu 1971. Ndime zotere zimavuta kuzitaya chifukwa wolemba amakumbukira thukuta lake, pamene womvera sadziwa n'komwe kuti panali thukuta. Chitsanzo cha boma lachiwiri chikuchokanso, popeza chikunena zomwe mlimi wojambulidwa uja wanena kale ndi pakamwa pake. M'mphindi zitatu chitsanzo chimodzi chofotokozedwa bwino chimakwana.

Ndime ya mavenda ndiyo yopweteka. Mwa ndime zonse ndi imene ili ndi moto, ndipo omvera ambiri akanagwedeza mutu povomereza. Koma ikayang'anidwa bwino, ndi mfundo ina yoima payokha: kuti alimi amaberedwa pa sikelo. Ili ndi chifukwa chake ndi chochita chake, zomwe sizikhudzana ndi thumba losalowa mpweya. Ikatsala, womvera adzachoka atakwiya ndi mavenda ndipo za kasungidwe adzaziiwala. Mdani wamkulu wa mfundo yaikulu nthawi zambiri sakhala ndime yofooka, amakhala mfundo yachiwiri yamphamvu. Imeneyi siyenera kutayidwa kudzala. Iikidwe pambali, ndi pulogalamu ya sabata yamawa.

Ndime zitatuzi zachotsa mawu 210, ndipo patsala 310. Palibe chiganizo ngakhale chimodzi cha mfundo yaikulu chimene chakhudzidwa.

Kenako malonje. Chiganizo choyamba cha wolemba wathu chinali chotere: "Omvera athu okondedwa kulikonse kumene mukutimvera, takulandirani ku pulogalamu yathu ya lero, ndipo lero tikufuna kuti tikambirane nkhani ina yofunika kwambiri imene ikukhudza alimi ambiri m'dziko muno, yomwe ndi nkhani ya kasungidwe ka chimanga." Mawu 34, masekondi pafupifupi 19, ndipo womvera sanamvebe kanthu. Moni ndi ulemu, ndipo pa Chichewa munthu sangoyamba nkhani ngati wagwa kuchokera kumwamba. Koma muulutsi wapereka kale moni m'masekondi 15 otsegulira aja, watchulanso dzina la woyankhula ndi mutu wake. Kubwereza zimenezi si ulemu wowonjezera. Ndime yonse ya mawu 60 ikusanduka mawu 15: "Chimanga chimene mlimi amagulitsa motchipa mu Juni, amakachigulanso modula mu Febuluwale. Nanga chimamuthamangitsa kumsika n'chiyani?" Womvera walowa kale m'nkhani, ndipo wapatsidwa funso loti adikire yankho lake.

Kusiya zimene omvera azimva kale kwa wina ndi luso lakale. Pa 19 Novembala 1863, pa mwambo wopatula manda a asilikali ku Gettysburg m'dziko la Amereka, mlendo wamkulu woyankhula anali Edward Everett, amene anatenga maola pafupifupi awiri akulongosola m'mene nkhondoyo inayendera. Pulezidenti Abraham Lincoln ataimirira anayankhula mawu pafupifupi 270, kwa mphindi ngati ziwiri. Sanatchule mkulu wa asilikali ngakhale mmodzi, sanafotokoze za kumenyanako, ngakhale dzina la malowo sanalitchule. Anasunga chinthu chimodzi chokha, chifukwa chimene anthuwo anafera ndi ntchito imene inatsalira amoyo. Tsiku lotsatira Everett anamulembera kalata yonena kuti akanakondwa akanakhala kuti m'maola ake awiri anayandikira cholinga cha mwambowo monga Lincoln anachitira m'mphindi ziwiri.

Wolemba wathu watsala ndi mawu 265. Akumvetseranso mawu a mlimi aja ndipo akupeza kuti mlimiyo akunena yekha kuti chaka chatha theka la thumba linasanduka ufa ndi anankafumbwe. Ndime yachinayi inali kunena zomwezo asanamulowetse. Ziganizo zobwerezazo zikuchoka, mawu 20, ndipo mlimi akusiyidwa kuti adzinenere yekha. Patsala 245.

Apa ndi pamene kumeta mawu kumayamba, ntchito imene ambiri amayambira nayo. "Ndi chinthu chofunika kwambiri kuti alimi azionetsetsa kuti chimanga chawo chauma bwino lomwe asanachiike m'matumba amenewa" ndi mawu 16. "Chimanga chiume kaye musanachiike m'thumba, apo ayi chichita chuku" ndi mawu 9, ndipo chiganizo chachifupicho chikunena zambiri kuposa chachitali chifukwa chatchula chimene chimachitika munthu akalakwitsa. Mawu ena 8 akuchoka m'mathero, m'mene munali kubwereza kwa "monga tamva kale". Tafika pa 230.

Manambala amafuna diso lapadera. Papepala "K47,850" ndi liwu limodzi, koma pakamwa ndi masekondi angapo, ndipo womvera amene ali pa njinga kapena akupalasa moto sangaligwire. Ndemanga ya mphindi zitatu imanyamula nambala imodzi kapena ziwiri, zozungulizidwa. Zolemba zodzaza manambala, zaka ndi mayina aatali a mabungwe zimatenga nthawi yoposa imene chiwerengero cha mawu chikulonjeza, n'chifukwa chake wotchi ndiyo imagamula, osati kompyuta.

Chiganizo cha chimanga chouma chija chikuonetsa mtundu wa mawu amene sayenera kukhudzidwa. Munthu wofulumira akhoza kuchiona ngati chowonjezera, popeza mfundo ndi yakuti thumba limathandiza. Koma thumba losalowa mpweya limathandiza pokhapokha chimanga chitauma, chinyezi chake chitatsika kufika pafupifupi 13 peresenti. Kuchotsa chenjezo limeneli kumapulumutsa masekondi asanu ndipo kukhoza kuwonongetsa chakudya cha banja. Mawu monga "pokhapokha", "ambiri", "nthawi zina" ndi "malinga ndi" amaoneka aang'ono, koma ndi amene amasunga chiganizo kuti chikhale choona. "Alimi ambiri amagulitsa chifukwa cha mantha" chikasanduka "alimi amagulitsa chifukwa cha mantha", liwu limodzi lapulumutsidwa ndipo bodza lalowa.

Chimodzimodzinso ndi chiganizo chimene chimavomereza mbali ina. M'ndime yachitatu wolemba wathu analemba kuti alimi ena amagulitsa msanga chifukwa akufuna ndalama za fizi, za ngongole kapena za kuchipatala, ndipo thumba silingathetse zimenezo. Chiganizo chimenechi chimakopa lumo chifukwa chikuoneka ngati chikufooketsa mfundo. Chiyenera kukhala. Mlimi aliyense amene akumvetsera akudziwa kuti anagulitsa chifukwa mwana anabwezedwa kusukulu, ndipo akamva munthu wa pa wayilesi akuyankhula ngati vuto ndi anankafumbwe okha, amasiya kumukhulupirira pa zina zonse. Mfundo imene yataya mawu ovomereza malire ake imasanduka malonda a matumba.

Mawu ojambulidwa a mlimi nawonso akhoza kufupikitsidwa, koma pali malire amene mkonzi woona mtima sawadumpha. Kuchotsa kukhosomola ndi kubwereza n'kololedwa. Kuchotsa "koma" wa munthu, n'kumusiya akuoneka ngati wavomereza chinthu chimene anachikayikira, ndi kumunamizira ndi mawu ake omwe.

Kudula kukatha pamatsala mabala, ndipo wolemba sawaona msanga chifukwa m'mutu mwake ndime zotayidwa zija zikadalimo. Penapake patsala "monga zinalili nthawi ya ADMARC", pomwe ADMARC sinatchulidwenso. Penapake pali "njira yachitatu" pomwe njira zatsala ziwiri, kapena "iwowa" amene akuloza mavenda omwe achoka. Choopsa kwambiri ndi kutayika kwa mawu olumikiza. Pometa, "chifukwa", "choncho" ndi "komabe" amagwa mosavuta, ndipo zotsalazo zimakhala ziganizo zoona zondandalikidwa popanda chozigwirizanitsa: alimi amagulitsa mu Juni, anankafumbwe amawononga chimanga, pali matumba a PICS. Zonse ndi zoona, koma womvera sakuuzidwanso kuti chachiwiri ndicho chimayambitsa choyamba ndipo chachitatu ndicho yankho. Ngati pakufunika kubwezeramo mawu asanu olumikiza, ndi bwino kutaya chiganizo china chathunthu kuti iwo apeze malo.

Njira yodziwira ngati mfundo yapulumuka ndi yotsika mtengo. Wolemba apeze munthu amene sanaone zolemba zoyambazo, kaya ndi mlonda wa pageti kaya mnzake wa ku ofesi ya malonda, amuwerengere kamodzi kokha, kenako amufunse kuti wamva chiyani. Akayankha kuti "mumanena za chimanga", mutu wafika koma mfundo yafera m'njira. Akayankha kuti "mukuti anthu asathamangire kugulitsa, asunge m'matumba aja bola chiume kaye", ntchito yatheka. Yankho lake liyerekezedwe ndi chiganizo chija chinalembedwa kuseri kwa pepala.

Olemba ena amabweretsa chizolowezi cha m'chipinda cha nkhani, kumene zofunika kwambiri zimaikidwa pamwamba kuti mkonzi athe kudula kuchokera pansi popanda kuwononga kanthu. Pa nkhani ya ngozi ya pamsewu zimenezi zimagwira bwino. Ndemanga, ulaliki kapena mawu a pamsonkhano zimayenda mosiyana, zimakwera kupita ku mathero, ndipo kudula pansi kumachotsa "choncho" amene zonse zinali kulowera. Malo odula mwadzidzidzi ayenera kukonzedwa pakati, nthawi ikadalipo.

Wolemba wathu akuchita zimenezi ndi pensulo asanalowe mu situdiyo. Mathero ake ali ndi mawu 42, amene pa liwiro lake ndi masekondi 23. Kutsekera kumayamba pa 2:50, ndipo akufuna kumaliza pa 2:45. Akuwerenga chobwerera m'mbuyo n'kulemba 2:22 pambali pa chiganizo choyamba cha matherowo. Imeneyo ndi nthawi imene ayenera kukhala atafika pamenepo. Kenako akusaka chiganizo chimodzi pamwamba pa mathero chimene chingachoke popanda kusiya bala, ndipo akupeza chija chonena kuti matumbawa anapangidwa ndi akatswiri a yunivesite ya Purdue ku Amereka ndipo poyamba ankasungiramo khobwe kumadzulo kwa Africa. Ndi masekondi pafupifupi khumi. Akuchizunguliza ndi mzere. Pa maikolofoni, akafika pa chiganizo chozungulizidwacho amaponya diso pa wotchi ya pakhoma. Ikakhala isanapyole 2:12 amachiwerenga. Ikakhala itapyola amachidumpha n'kulowa m'mathero pa liwiro lake lomwe lija, ndipo chiganizo chomaliza, chouza mlimi kuti akafunse mlangizi wa m'dera lake za kamangidwe ka matumbawo, chimatuluka chonse kanyimbo kotsekera kasanayambe.